Mafunso khumi a masewero oseketsa akale apakanema: mafunso ndi mayankho kwa wokonza mpikisano wa akulu ndi achinyamata pamodzi

Mwapatsidwa ntchito yokonza ndime imodzi pa mpikisano wa mafunso wa madzulo, ndipo ndime yanu ndi ya masewero oseketsa akale apakanema, aja a theka la ola omwe anthu ake amakhala omwewo sabata ndi sabata. Vuto ndi loti m'chipindamo mukhala amalume a zaka 65, anzanu a zaka za m'ma 40, ndi mdzukulu yemwe wangolowa kumene koleji. M'munsimu muli zimene okonza ndime yotere amandifunsa kawirikawiri.

Kodi sewero "lakale" ndi liti?

Osayamba ndi funso limeneli pamaso pa anthu, mukangana mpaka nsima kuzizira. Kwa munthu wa zaka 20, Friends ndi yamakedzana chifukwa inatha mu 2004 iye asanabadwe. Kwa wa zaka 65, Friends ndi ya dzulodzuloli. Ine ndimadula mzere ndekha ndisanalembe funso lililonse: sewerolo likhale loti linayamba kuonetsedwa zaka makumi awiri zapitazo kapena kuposerapo. Mzere umenewu umalola I Love Lucy ya mu 1951 kukhala pa pepala limodzi ndi The Office ya mu 2001, ndipo mwalengeza kamodzi koyambirira, nkhani yatha.

Ndiye ndigawe mafunso potengera zaka, atatu a agogo, atatu a makolo, anayi a ana?

Umu ndi mmene ambiri amaganizira, koma si zaka zimene sewero linapangidwa zomwe zimatiuza yemwe akulidziwa. Chofunika n'chakuti ndani analiona, ndipo analionera kuti. Ku Malawi wailesi yakanema ya dziko inayamba mu 1999. Munthu yemwe anakulira kumudzi m'ma 1970 sanaone sewero lililonse la m'zaka zimenezo pa nthawi yake; mwina anadzaona Mr. Bean patapita zaka zambiri, pa tepi kapena pa chimbale, atakhala pa mkeka limodzi ndi adzukulu. Pamene wamsinkhu womwewo yemwe anakulira ku Lusaka, ku Bulawayo kapena ku Joni anali ndi kanema kale, ndipo yemwe anakhalitsa ku Britain amadziwa masewero a BBC omwe mnzake sanawamvepo ndi dzina lomwe. Achinyamata nawo amadabwitsa: tiziduswa ta Mind Your Language, sewero la mu 1977, timayendayenda m'mafoni mpaka lero, moti mwana wa zaka 19 akhoza kuposa bambo ake pa sewero lomwe linatha iye asanaganiziridwe n'komwe.

Choncho musanalembe, lingalirani za anthu enieni amene akubwera, mmodzimmodzi, ndi kumene anakulira. Kenako funso lililonse mulipatse makomo awiri: khomo la munthu yemwe anaonera sewerolo, ndi khomo lina la yemwe sanaonere koma akhoza kufika pa yankho poganiza. Luso lonse la ndime imeneyi lagona pamenepa.

Makomo awiri ndiye chiyani? Perekani chitsanzo.

Titenge Fawlty Towers, sewero la BBC la mu 1975 ndi 1979, lonena za hotela ya m'tauni ya Torquay yomwe mwini wake, Basil Fawlty, amakalipira alendo ake omwe. Muli woperekera zakudya wotchedwa Manuel, yemwe Chingerezi chimamuvuta. Mukafunsa kuti "Manuel anachokera mumzinda uti?" mwatsegula khomo limodzi lokha, amene sanaonere angoyang'ana kudenga. Koma mukati "Manuel anachokera mumzinda uti wa ku Spain, mzinda womwe timu yake yampira Lionel Messi anaisewerera zaka zambiri?" ndiye kuti agogo akumbukira Manuel, mdzukulu akumbukira mpira, ndipo onse awiri alemba Barcelona. Funso silinaphweke kwenikweni, langokhala la anthu onse a patebulopo.

Musachite izi pa mafunso onse khumi. Awiri kapena atatu asiyeni ndi khomo limodzi, kuti yemwe amadziwadi masewerowa aone phindu la maola onse amene anathera pa kanema.

Tipatseni mafunso khumi omwe tingagwiritse ntchito usiku uno.

Nawa, monga ndinawakonzera gulu la anthu 12, matimu atatu a anthu anayianayi, wamng'ono wa zaka 19 ndipo wamkulu wa zaka 68.

Loyamba ndi lotenthetsera magazi: Mr. Bean amagona ndi chidole chomwe amachitenga ngati bwenzi lake lapamtima. Chidolecho ndi cha nyama yanji? Yankho ndi chimbalangondo, ndipo wolemba kuti Teddy wakhozanso. Aliyense ayenera kupeza limeneli. Timu yomwe yalephera funso loyamba imataya mtima, ndipo mumaiona ikuyamba kucheza zina.

Lachiwiri: mu The Fresh Prince of Bel-Air, Will anatumizidwa kwa achibale olemera ku Bel-Air kuchokera mumzinda uti? Philadelphia. Ambiri amaupeza poimba chamumtima nyimbo yoyambira sewerolo, ndiye apatseni kanthawi, muwaona milomo ikugwedera.

Lachitatu: mu Mind Your Language, mphunzitsi wa kalasi ya anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana dzina lake ndani? Bambo Brown, ndipo dzina lawo loyamba ndi Jeremy. Ili ndi la khomo limodzi.

Lachinayi: mu Friends, Ross anaweta kanyama kachilendo m'nyumba, ndi nyama yanji? Apa konzekerani, pakuti ena alemba pusi, ena nyani. Kanyamako kanali kakang'ono, ka mtundu wa ku America, kofanana kwambiri ndi pusi, koma landirani mayankho onse awiri. Simunabwere kudzayesa anthu za zinyama. Wotchula dzina lake, Marcel, musekerereni chabe, osamuwonjezera malikisi.

Lachisanu ndi la Manuel ndi Barcelona lija.

Lachisanu n'chimodzi: sewero la M*A*S*H limanena za madokotala a asilikali a ku America pa nkhondo iti: yachiwiri ya dziko lonse, ya ku Korea, kapena ya ku Vietnam? Yankho ndi Korea. Ndimalikonda funso limeneli chifukwa lili ndi msampha wachilungamo. Sewerolo linayamba mu 1972, nkhondo ya ku Vietnam ili m'kati, choncho odziwa mbiri pang'ono amathamangira Vietnam. Powerenga yankho onjezani kuti nkhondo ya ku Korea inatenga zaka zitatu, kuyambira 1950 mpaka 1953, pamene sewero lake linatenga zaka 11, mpaka 1983.

Lachisanu n'chiwiri: sanjani masewero anayi awa kuyambira lakale kwambiri: Cheers, Friends, I Love Lucy, The Jeffersons. Mndandanda wolondola ndi I Love Lucy 1951, The Jeffersons 1975, Cheers 1982, Friends 1994. Funso lotere silitheka ndi munthu mmodzi. Achinyamata amadziwa kuti Friends ndi lomaliza, wina amakumbukira kuti Lucy inali ya zithunzi zopanda mitundu, ndipo mkangano wonse umatsalira pa awiri apakatiwo.

Lachisanu n'chitatu, zoona kapena zonama: mu The Golden Girls, wosewera yemwe ankakhala mayi wa Dorothy anali wamng'ono kwa wosewera yemwe ankakhala Dorothy. Ndi zoona. Bea Arthur, Dorothy uja, anabadwa mu 1922, pamene Estelle Getty, yemwe ankasewera ngati mayi ake Sophia, anabadwa mu 1923. Ukalamba wake unali wa tsitsi lovala ndi zopakapaka.

Lachisanu n'chinayi: The Office inapangidwa ku Britain mu 2001, kenako ku America mu 2005, m'masewero onse awiri, kampani imene anthuwo amagwirako ntchito imagulitsa chiyani? Mapepala.

Lakhumi: mu Only Fools and Horses, abale awiri Del Boy ndi Rodney amayendera kagalimoto kachikasu konyamulira malonda, kali ndi mateyala angati? Khomo lachiwiri: ndi ofanana ndi a kagalimoto kobiriwira ngati thambo kamene Mr. Bean amakonda kukagwetsa pamsewu. Atatu. Ndime yayamba ndi Bean, yatha ndi Bean, ndipo timu iliyonse ili ndi mwayi wotseka bwino.

Bwanji mulibe mafunso a "chaka chanji" kapena "magawo angati"?

Chifukwa palibe amene amasunga zimenezo m'mutu, ndipo palibe njira yozipezera poganiza. Mukafunsa chaka chimene Cheers inayamba, yemwe analemba 1983 walephera mofanana ndi yemwe analemba 1960, chonsecho woyambayo amalidziwa sewerolo. Zaka zimakoma mukazisandutsa zosanja, monga pa funso lachisanu n'chiwiri. Manambala asungireni funso lodulira mlandu, lomwe ndifotokoza kumapeto.

Kodi funso limaonongeka bwanji, ndipo ndingadziwe bwanji lisanafike pagulu?

Limaonongeka likakhala ndi mayankho awiri olondola pamene inu mukudziwa limodzi. Zinandichitikira. Ndinafunsa kuti "Ndani ankasewera ngati Vivian, azakhali ake a Will, mu Fresh Prince?" Papepala langa panali Janet Hubert. Timu ina inalemba Daphne Maxwell Reid, ine n'kuikana, ndipo mayi wina anaimirira nati, "Achimwene, azakhaliwo anasintha nkhope pakati pa sewero, inu simunaone?" Ankanena zoona. Hubert anasewera zaka zitatu zoyambirira, ndipo kuyambira mu 1993 malo ake anatenga Reid. Ndinapereka malikisi kwa onse, koma kuyambira pamenepo yankho langa lililonse ankaliyang'ana ndi diso lokayika.

Masewero oseketsa ali ndi maenje atatu a mtundu umenewu. Loyamba ndi limenelo, la osewera osinthidwa. Lachiwiri ndi la masewero opangidwa kawiri m'maiko awiri. Mukati "bwana wa mu The Office ndani?" wa ku Britain ayankha David Brent wa ku Slough, wa ku America ayankha Michael Scott wa ku Scranton, ndipo onse akhoza. N'chifukwa chake funso langa lachisanu n'chinayi likufunsa chinthu chimene masewero awiriwo amafanana. Ngakhale Fresh Prince inapangidwanso mu 2022 pa dzina loti Bel-Air, lomwe si lanthabwala ndipo osewera ake ndi ena. Tchulani dzina lonse la sewero lakalelo kuti wachinyamata asasokonezeke.

Dzenje lachitatu ndi la zinthu zimene "aliyense amadziwa" koma si zoona kwenikweni. Galimoto ya Mr. Bean aliyense amaikumbukira yobiriwira mopita ku chikasu, ya boneti yakuda, koma m'gawo loyamba lenileni, la pa 1 Januwale 1990, inali yofiirira ngati lalanje. Kagalimoto ka Del Boy anthu ambiri amakatchula Reliant Robin, chonsecho ndi Reliant Regal. Mukafunsa mtundu wa galimotoyo, munthu mmodzi wodziwa kwambiri adzalemba Regal, inu n'kumulakwitsa chifukwa cha pepala lanu. Mateyala okha ndi omwe alibe mkangano.

Njira yoyesera ndi yosavuta. Werengani funso lililonse n'kudzifunsa: kodi sewero limeneli linasinthapo wosewera, linapangidwaponso kwina, kapena chinthu ndikufunsachi chinasinthapo pakati pa magawo? Mukatero muwerengereni munthu mmodzi yemwe sabwera usikuwo. Akafunsa kuti "mukunena liti?" ndiye kuti funsolo likusowa mawu.

Matimu tigawe bwanji? Akulu paokha, ana paokha?

Zimamveka zosangalatsa, akulu kulimbana ndi ana, koma zotsatira zake zimadziwikiratu: wopambana ndi yemwe wolemba mafunso anamukondera mosadziwa, ndipo ogonja amanena zimenezo mokweza. Sakanizani. Pa anthu 12 aja, sanjani mayina kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, n'kuwerenga 1, 2, 3, 1, 2, 3 mpaka onse atha. Timu iliyonse ipeza wamkulu mmodzi, apakati awiri ndi wamng'ono mmodzi.

Pali kanthu kena kamene mabuku a mipikisano yakunja sanena. Kwathu kuno mwana satsutsa wamkulu pagulu. Agogo akanena kuti "Vietnam," mdzukulu yemwe akudziwa bwino lomwe kuti ndi Korea amangoti "chabwino agogo," n'kulemba Vietnam. Ndaona malikisi akutayika motero. Mankhwala ake ndi kupereka cholembera kwa wamng'ono pa timu iliyonse, n'kulengeza inu mwini, aliyense akumva, kuti wogwira cholembera ndiye ali ndi mawu omaliza. Lamulo likachokera kwa woyendetsa mpikisano, mwanayo sakhala wamwano, ndipo akuluakulu amalilandira moseka.

Nanga kalembedwe ka mayina achingerezi, tikhwimitse?

Ayi. Wolemba Filadefiya wakhoza, wolemba Baselona wakhozanso. Ngati mukaliwerenga mokweza likumveka lolondola, perekani malikisi. Nenani lamuloli musanayambe, pakuti osintha mapepala kuti achongerane amakhala ankhanza kuposa aphunzitsi.

Zitenga nthawi yaitali bwanji?

Werengani funso kawiri, pang'onopang'ono, n'kupereka masekondi 30 mpaka 45. La zosanja lija lipatseni mphindi yathunthu ndipo mayina anayiwo muwalembe pa pepala lalikulu kuti aoneke. Mafunso onse atenga mphindi khumi kapena kupitirira pang'ono, kuchonga ndi kuwerenga mayankho mphindi zina zisanu. Mafoni onse akhale m'mbale imodzi pakati pa tebulo.

Ndingadziwe bwanji kuti ndime yanga inali yovuta kapena yophweka mopitirira?

Yang'anani malikisi a timu yomaliza, osati a yopambana. Ine ndimafuna opambana apeze 8 kapena 9, omaliza asatsike pa 4 kapena 5. Timu ikapeza 2, vuto si timuyo. Mafunso anu anali a gulu lina la anthu. Onse akapeza 10, mwawononga mphindi khumi ndi zisanu popanda chosiyanitsa. Yang'ananinso funso lililonse palokha: lomwe matimu onse alephera, kupatula ngati linali la msampha ngati la M*A*S*H, linali funso lanu inuyo, la sewero limene mumalikonda nokha. Aliyense wolemba mafunso ali nalo lotere. Langa linali la dzina loyamba la Kramer wa mu Seinfeld, lomwe ndi Cosmo. M'chipinda monse munalibe ndi mmodzi yemwe anaonerapo Seinfeld, ndipo anthu anangondiyang'ana ngati ndalankhula Chigiriki.

Gulu lathu silidziwa masewero ena mwa awa. Tisinthe ati, ndipo tiikepo chiyani?

Oyamba kuchoka ndi The Golden Girls ndi Only Fools and Horses ngati palibe yemwe anakhalapo ku America kapena ku Britain, ngakhale kuti onse awiri ndawalemba moti munthu akhoza kungolota yankho. Ngati pali amene anakhala ku South Africa kapena ankaonera SABC, ikanipo 'Sgudi 'Snaysi, sewero la Chizulu lomwe linayamba mu 1986: Joe Mafela ankasewera ngati ndani? Yankho ndi Sdumo, ndipo mudzaona akuluakulu akuwala nkhope. Kwa okonda masewero a mabanja a anthu akuda a ku America, Family Matters imagwira bwino: bambo wa m'nyumbamo, Carl Winslow, ankagwira ntchito yanji? Wapolisi ku Chicago. Funso la dzina la mnyamata wamagalasi woyandikana nawo nyumba, Steve Urkel, ndi lophweka kwambiri moti lingalowe m'malo mwa loyamba lija. Kwa amayi amene anakonda Keeping Up Appearances, funsani za Hyacinth, mayi wodzikweza uja: dzina la banja lake ndi Bucket, kutanthauza ndowa, koma iye ankaumirira kuti lizitchulidwa ngati liwu lotanthauza chiyani? Mpukutu wa maluwa.

Posintha, sungani kaonekedwe ka ndime yonse: awiri oyamba ophweka, ovuta akhale pakati, lomaliza likhale loti aliyense angalipeze. Ndipo sewero limodzi lisatenge mafunso oposa awiri, apo ayi yemwe sanalione aona ngati waitanidwa ku phwando la eni.

Kodi pali masewero oyenera kuwapewa?

Alipo ofunika kuwaganizira kawiri. Mind Your Language imaseketsa potengera mmene anthu a mitundu yosiyanasiyana amalankhulira ndi kuchitira zinthu, ndipo wailesi yakanema ya ITV ya ku Britain inaisiya mu 1979 pa chifukwa chimenechi. Kufunsa dzina la mphunzitsi kulibe vuto. Kuyerekeza malankhulidwe a ophunzira ake pamaso pa alendo amene simukuwadziwa bwino ndi nkhani ina. The Cosby Show inali yotchuka kwambiri m'ma 1980, koma dzina la mwini wake tsopano limabwera ndi nkhani za milandu ya kukhoti, ndipo funso limodzi likhoza kusandutsa macheza kukhala bwalo. Ine ndimangoisiya, masewero ena ndi ambiri.

Tingagwiritse ntchito nyimbo zoyambira masewero m'malo mwa mafunso olankhula?

Funso limodzi kapena awiri, inde, ndipo amakoma kwambiri. Masekondi khumi akwana. Koma yesani chokuzira mawu anthu asanafike, bisani foni kuti dzina la nyimboyo lisaoneke, ndipo pewani nyimbo imene imatchula dzina la sewero m'mawu ake, monga ya Fresh Prince. Kumbukiraninso achikulire amene makutu anayamba kulemera. Imbani kawiri, ndipo akhale kufupi.

Matimu awiri akafanana malikisi titani?

Apa ndiye pamalo pa manambala aja. Funsani kuti Friends inali ndi magawo angati onse pamodzi, timu iliyonse ilembe nambala yake mobisa, ndipo yoyandikira kwambiri yapambana. Yankho ndi 236, pa zaka khumi. Oganiza bwino amachulukitsa khumi ndi magawo opitirira pang'ono makumi awiri pa chaka, n'kufika pafupi. Sungani lachiwiri m'thumba ngati onse alemba nambala imodzi: Fawlty Towers inali ndi magawo angati? Amene angomva 236 amalemba 50 kapena 100, chonsecho ndi 12 okha.